Mtengo wa botolo si mtengo wa mafuta

Munthu wa ku Vubwi akafuna katundu wambiri wa m'sitolo, kawirikawiri sapita yekha ku Chipata. Amatuma amene ali kale paulendo, mwina mphunzitsi amene wapita kukatenga malipiro, mwina mlamu amene wakagulitsa soya, mwina mwana amene amagwira ntchito m'tauni. Vubwi idakhala boma loima palokha mu 2012 italekanitsidwa ndi Chadiza, chaka chomwe Sinda nayonso idakhala boma, koma masitolo akuluakulu monga Shoprite adakali ku Chipata. Kale wotumidwa ankangouzidwa kuti, "Mukandigulireko saladi," ndipo chimene wabwera nacho ndi chomwecho. Masiku ano amaima kutsogolo kwa shelefu, n'kujambula ndi foni, n'kutumiza pa Watsapu ndi mawu ochepa: "Nditenge iti?"

Amene wafunsidwayo ali kumudzi, ndipo ali ndi mphindi zochepa chifukwa mnzake waima m'sitolo akudikira. Pachithunzi pali mabotolo ndi zigubu za makampani anayi kapena asanu, ndipo pansi pake pali timapepala ta mitengo. Maso amathamangira pa nambala yaing'ono kuposa zonse, kapena pa chigubu chachikulu kuposa zonse poganiza kuti chachikulu ndiye chotchipa. Njira ziwiri zonsezi zimasocheretsa, ndipo chifukwa chake n'chimodzi. Nambala imene ili pakapepala ndi mtengo wa botololo, pamene chimene mukufuna kudziwa ndi mtengo wa mafuta amene ali m'kati mwake. Mabotolo ndi osiyana kukula, choncho mitengo yake siyerekezeka mpaka mutaiika pa muyeso umodzi.

Mayiko ena adaikonza nkhaniyi ndi lamulo. Ku Ulaya, lamulo la mu 1998 limafuna kuti sitolo ilembe mitengo iwiri, wa paketi ndi wa kilogalamu kapena lita, ndipo ku Australia masitolo akuluakulu a zakudya akhala akukakamizidwa kuchita chimodzimodzi kuyambira mu 2009. Kuno kwathu, m'magolosale a ku Vubwi, ku Sinda ndi ku Katete, mtengo umalembedwa ndi cholembera pakatoni kapena pabotolo penipenipo, ndipo ndi umodzi wokha. Masamu otsalawo ndi a wogula.

Tiyeni titenge shelefu ya saladi, popeza ndiyo imasokoneza kwambiri. Mitengo imene ndigwiritse ntchito ndi yongoyerekeza kuti masamu aoneke bwino, si ya kampani iliyonse kapena ya tsiku lililonse. Tinene kuti pachithunzi pali zinthu zinayi. Botolo la 750ml lili pa K45. Chigubu cha malita 2 cha kampani ina chili pa K110. Chigubu cha malita 2.5 cha kampani yachitatu chili pa K130. Chigubu chachikulu cha malita 5 chili pa K270.

Kuti mupeze mtengo wa lita imodzi, mumagawa ndalama ndi malita. Chigubu cha malita 2 n'chosavuta: theka la K110 ndi K55. Cha malita 5 nacho, K270 kuigawa pasanu ndi K54. Cha malita 2.5 chimaoneka ngati chovuta chifukwa cha theka lija, koma pali njira yachidule. Zigubu ziwiri zotere zimakwana malita 5, ndipo mtengo wake ndi K260. Mukagawa pasanu mupeza K52 pa lita. Botolo la 750ml ndi magawo atatu mwa magawo anayi a lita, choncho K45 kuigawa patatu ndi K15, ndipo magawo anayi otere ndi K60.

Tsopano shelefu yasintha maonekedwe. Botolo limene linali ndi nambala yaing'ono ndilo lodula kuposa zonse, K60 pa lita. Chigubu chachikulu sindicho chotchipa, chifukwa zigubu ziwiri za malita 2.5 zikupatsani mafuta omwewo n'kukutsalirani K10. Ndipo pakati pa zigubu ziwiri zapakati zija, chimene chimaoneka chodula ndi K20 ndicho chotchipa, popeza K20 yowonjezerayo ikukugulirani theka la lita, limene pa mtengo wa chigubu chinacho likanakhala K27.50. Apa mpamene anthu ambiri amaphonya, chifukwa chigubu cha malita 2 ndi cha malita 2.5 zimafanana kwambiri pachithunzi. Kusiyana kwake kuli pa nambala yaing'ono yolembedwa m'munsi mwa lebulo, imene kawirikawiri imabisika kuseri kwa mkombero wa shelefu.

Amene sakonda kugawa ndi manambala okhala ndi kadontho angathe kuwerenga m'makota a lita. Botolo la 750ml lili ndi makota 3, chigubu cha malita 2 chili ndi 8, cha malita 2.5 chili ndi 10, ndipo cha malita 5 chili ndi 20. Manambala anayiwa mukawasunga m'mutu, ntchito yonse ndi kugawa mtengo ndi nambala yake. Pa chigubu cha malita 2.5 n'kongochotsa ziro: K130 ikhala K13 pa kota. Botolo laling'ono likhala K15, ndipo chigubu chachikulu K13.50. Foni iliyonse, ngakhale ya mabatani, ili ndi kakyuleta, koma ndimakonda njira ya m'mutuyi chifukwa munthu amene akuyang'ana chithunzi sangathe kuyang'ananso kakyuleta pa nthawi yomweyo pa foni imodzi.

Chenjezo limodzi pa mafuta: lita si kilogalamu. Lita ya mafuta ophikira imalemera pafupifupi magalamu 920. Ngati kampani ina yalemba malita ndipo ina yalemba makilogalamu, musawatenge ngati ofanana. Kilogalamu imodzi ya mafuta ndi yoposa lita pang'ono.

Masamu onsewa amadalira kuti chithunzi chanena zoona, ndipo apa pali zovuta zake. Choyamba n'chakuti kapepala ka mtengo sikakhala nthawi zonse pansi pa katundu wake. Ogula amasuntha zinthu, antchito amadzaza mpata wopanda kanthu ndi katundu wina, ndipo kapepala kakale kamatsalira. M'masitolo akuluakulu kapepalako kamakhala ndi dzina la katundu ndi kukula kwake m'zilembo zing'onozing'ono, ndipo zilembo zimenezo ndizo ziyenera kuwerengedwa, osati kungoona kuti kapepala kali pafupi ndi chiyani. Pali chizindikiro chimene chimathandiza ngakhale muli kutali. Mukawerenga mtengo wa lita n'kupeza kuti zinthu zitatu zili pakati pa K52 ndi K60 koma chimodzi chili pa K35, musakondwere msanga. Nthawi zambiri ndiye kuti mwagawa mtengo wa chigubu chaching'ono ndi malita a chigubu chachikulu. Muuzeni wotumidwayo awerenge kapepalako mokweza, kapena apite nacho chigubucho ku tilu akafunse asanalipire.

Chachiwiri ndi kujambula kwenikweniko. Chithunzi chojambulidwa chapambali chimakulitsa zimene zili pafupi ndi kuchepetsa zimene zili patali, ndipo chimasokoneza kuti kapepala kali pansi pa chiyani. Wojambula aime molunjika ndi shelefu. Vuto lina n'lakuti Watsapu imachepetsa chithunzi potumiza, moti mukachikulitsa ndi zala, 3 ndi 8 zimaoneka zofanana, ndipo kadontho ka pakati pa 2 ndi 5 kamasowa. Kudina `HD` musanatumize, kapena kutumiza chithunzi ngati `Document`, kumasunga zilembo, koma kumadya bandulo ndipo m'malo amene netiweki ndi yofooka chithunzi chimachedwa kutsitsika. Chimene chimagwira ntchito bwino ndi zithunzi ziwiri: chimodzi cha shelefu yonse kuti muone zimene zilipo, china chapafupi cha zinthu ziwiri zimene mwatsala nazo. Masitolo ena salola kujambula, choncho ndi ulemu kufunsa kaye wantchito amene ali pafupi.

Chachitatu ndi timapepala ta mitengo yotsitsidwa. Mtengo wotero umakhala ndi tsiku loyambira ndi lothera, ndipo nthawi zina umagwira ntchito pokhapokha mutagula ziwiri. Nthawi zina katundu amatsitsidwa chifukwa masiku ake atsala pang'ono kutha. Tsiku limenelo, lolembedwa pafupi ndi zilembo `BB` kapena `EXP`, kawirikawiri limakhala kumbuyo, pansi kapena pachivundikiro, kumene chithunzi sichifika. Kwa banja lalikulu limene limaliza chigubu m'mwezi umodzi, kugula mafuta otsala ndi miyezi itatu si vuto, ndipo ndi phindu lenileni. Kwa agogo amene amakhala ndi mdzukulu mmodzi, chigubu cha malita 5 chomwecho chikhoza kuyamba fungo chisanathe, makamaka ngati chikukhala pamalo otentha kapena pomwe dzuwa limafika.

Nanga mtengo wa pa tilu ukasiyana ndi wa pa shelefu? Apa chithunzi chija chimasanduka mboni. Lamulo la Zambia loteteza ogula, la nambala 24 la mu 2010, limafuna kuti wogulitsa aonetse mitengo ya katundu wake, ndipo limaletsa kulipiritsa wogula ndalama zoposa zimene zalembedwa. Bungwe la CCPC ndilo limayang'anira zimenezi ndi kulandira madandaulo. Za miyeso, kuti paketi yolembedwa makilogalamu 2 ikhaledi makilogalamu 2 ndiponso kuti sikelo za ogulitsa zikhale zoona, zili m'manja mwa bungwe la ZMA, limene lidakhazikitsidwa ndi lamulo la mu 2017. Wotumidwa asunge lisiti ndi chithunzi, ndipo ayerekeze ziwirizi asanatuluke pakhomo la sitolo, chifukwa akakwera galimoto ya ku Vubwi palibe amene adzabwerere ku Chipata kukatsatira K8.

Mpaka pano ndalankhula ngati kuti mafuta onse ndi amodzi, koma sizili choncho kwenikweni. Ena ndi a soya, ena a mpendadzuwa, ena a kanjedza, ndipo ambiri ndi osakaniza. Lebulo imanena, ngakhale mwina m'zilembo zing'onozing'ono. Mafuta a kanjedza amachita mbuu kapena kuundana m'nyengo yozizira ya Juni ndi Julayi, ndipo ena amaganiza kuti aonongeka pamene sanaonongeke. Mayi wokazinga vitumbuwa pamsika amaona kuti mafuta ena amachedwa kuda kuposa ena, ndipo kwa iye kusiyana kwa K3 pa lita kumachepa mphamvu poyerekeza ndi zimenezo. Komabe pa saladi, pa shuga ndi pa mchere, makampani sasiyana kwambiri moti mtengo wa lita kapena wa kilogalamu ungathe kukutsogolerani bwino. Shuga wogulitsidwa m'nyumba za ku Zambia wakhala akuthiridwa vitamini A mwa lamulo kuyambira mu 1998, choncho paketi ya shuga yotchipa modabwitsa imene ilibe mawu amenewo iyenera kukayikiridwa. Kupatula apo, shuga ndi shuga.

Pa sopo nkhani imasintha, ndipo ndikuona kuti apa mpamene masamu a pa shelefu amafika pa malire ake. Pa shelefu imodzi pamakhala sopo waufa, sopo waphala monga Boom amene kampani ya Trade Kings idatchuka naye, ndi sopo wamtanda. Onse alembedwa m'magalamu, koma magalamuwo sanena chinthu chimodzi. Sopo waphala ali ndi madzi m'kati mwake, sopo waufa ali ndi zinthu zina zongowonjezera kulemera zimene kuchuluka kwake kumasiyana malinga ndi kampani, ndipo sopo wamtanda amauma n'kupepuka akakhalitsa pa shelefu. Kugawa mtengo ndi magalamu kumathandiza pokhapokha mukuyerekeza mapaketi awiri a sopo yemweyo.

Muyeso woona wa sopo ndi beseni la zovala. Tiyerekezenso. Paketi ya magalamu 500 ya kampani ina ili pa K30, ya kampani ina ili pa K40. Pachithunzi yoyambayo yapambana. Koma ngati sopo woyambayo amafuna magalamu 50 kuti beseni liyere, paketiyo ichapa mabeseni 10, ndipo beseni lililonse ladya K3. Ngati wachiwiriyo amakwanira ndi magalamu 30, paketi ichapa mabeseni 16, ndipo lililonse ladya K2.50. Wodulayo ndiye watchipa. Zimenezi palibe chithunzi chimene chingakuuzeni. Amene amadziwa ndi amene amachapa, ndipo njira yodziwira ndi yosavuta: gulani paketi yaing'ono ya sopo amene simunamugwiritsepo, muzitapa ndi supuni imodzimodzi, ndipo muone kuti yachapa kangati isanathe. Musaweruze ndi thovu. Thovu lambiri silitanthauza kuyeretsa kwambiri, ndipo madzi a m'mijigo ina, amene ali ndi mchere wa m'miyala, amapha thovu la sopo wamtanda kuposa madzi a kumtsinje. Sopo amene amachita bwino kwa mchemwali wanu ku Katete akhoza kukukhumudwitsani pa mjigo wa kwanu.

Ufa uli pakati pa saladi ndi sopo. Thumba la bulekifasiti ndi la rola onse ndi a makilogalamu 25, ndipo rola amakhala wotchipa. Koma ndi zinthu ziwiri zosiyana, chifukwa rola amasunga gaga ndi mtima wa chimanga wambiri, choncho ali ndi chakudya chochuluka koma sakhalitsa ngati bulekifasiti. Kuyerekeza koyenera ndi kwa rola ndi rola mnzake. Ndipo kwa mlimi amene ali ndi chimanga m'nkhokwe, mtengo woyenera kuuika pambali pa zonsezi ndi wa kuchigayo.

Anthu a ku Vubwi ali ndi vuto lina limene a ku Lusaka salidziwa. Boma lawo lili m'malire ndi Malawi komanso Mozambiki, ndipo chithunzi chikhoza kuchokera m'golosale ya ku Mchinji. Ndalama za Zambia ndi za Malawi zimatchedwa kwacha ndipo zimalembedwa ndi K, koma mphamvu zake n'zosiyana kutali. Musanagawe ndi malita, sinthani kaye mtengowo kukhala kwacha ya Zambia, ndipo mugwiritse ntchito mtengo umene wosintha ndalama akupatseni tsiku limenelo, osati umene mudamva mwezi watha. Mu Novembala 2023 dziko la Malawi lidatsitsa mphamvu ya kwacha yake ndi 44 peresenti tsiku limodzi, ndipo zimene munthu ankadziwa za mbali yotchipa zidasokonekera pomwepo. Kukula kwa mabotolo ndi mapaketi nakonso kukhoza kusiyana pakati pa mayiko awiriwa, choncho nambala ya pa lebulo iwerengedwe mwatsopano.

Tibwerere ku zigubu zathu zija, chifukwa yankho la masamu silinakhale yankho la banja. Tapeza kuti chigubu cha malita 2.5 chili pa K52 pa lita. Ngati golosale ya pa Vubwi ikugulitsa chigubu chofanana nacho pa K140, ndiye kuti K56 pa lita, kusiyana konse ndi K10. Wotumidwa mudzamuthokoza ndi kenakake, kutumiza ndalama pa foni kuli ndi mtengo wake, bandulo yadyeka, ndipo katundu akakhala wolemera woyendetsa galimoto amalipiritsa. K10 ija yatha isanafike pakhomo. Kutuma ku tauni kumapindula pamene katundu ndi wambiri, kapena pamene kusiyana pa chinthu chimodzi n'kwakukulu, ndipo njira yodziwira ndi kuwonjezera ndalama zonse za ulendo pa mtengo wa katundu musanagawe ndi malita. Mwini kantemba amene amaoda katundu amachita zimenezi mwezi ndi mwezi, ndipo n'chifukwa chake mitengo yake imaposa ya ku Chipata popanda iye kukhala wakuba.

Chimene chimandipweteka pa nkhani yonseyi n'chakuti mtengo wotsika umafuna munthu amene ali kale ndi ndalama. Mayi amene ali ndi K50 m'chitenje akhoza kudziwa bwino lomwe kuti chigubu cha K130 ndicho chotchipa, koma agula botolo la K45 chifukwa ndilo angakwanitse, ndipo sanalakwe. Amene ali ndi K5 yokha agula saladi yoyeza m'kapulasitiki pa kantemba. Ngati kapulasitikiko kali ndi mamililita 50, ndiye kuti akulipira K100 pa lita, pafupifupi kawiri mtengo wa chigubu. Ndi mmenenso zilili ndi ufa wa pamela ndi shuga womanga m'timapepala. Osauka ndiwo amagula modula kuposa onse, ndipo sikuti sadziwa kuwerenga. Ndalama imabwera pang'onopang'ono, choncho imatulukanso pang'onopang'ono.

Mpata umene ulipo ndi kugula pamodzi, ndipo apa chithunzi cha pa shelefu chimagwira ntchito yabwino kuposa pena paliponse. Amayi asanu a m'gulu la chilimba kapena la banki ya m'mudzi akasonkha K52 aliyense, akwanitsa zigubu ziwiri za malita 2.5, ndipo aliyense atenga lita yathunthu. Akanagula payekhapayekha, K45 ikanawapatsa 750ml yokha. Chimene chimapha mgwirizano wotere kawirikawiri ndi kukayikirana, pamene wina ayamba kunong'ona kuti wotumidwa wadyapo. Chithunzi chikaikidwa pa gulu la Watsapu asanagule, aliyense amaona mitengo ndi maso ake, amasankha pamodzi, ndipo lisiti ikabwera amaiyerekeza ndi chithunzicho. Chotsala ndi chogawira. Botolo lakale la madzi akumwa limene lalembedwa 500ml silikhala ndi mamililita 500 likadzazidwa mpaka kukamwa, limapitirira pang'ono, ndipo amene adzagawiridwe komaliza ndiye adzapereweredwe. Gulu lipeze botolo limodzi, liyese muyeso wake ndi jagi ya manambala, lilembe mzere pabotolopo, ndipo onse azigawiridwa ndi botolo lomwelo pamaso pa anzawo.